Kodi tchete wamkazi amasankha chisa kapena mwini chisa?

Aliyense amene anakulira kufupi ndi dambo amazidziwa zisa za atchete, zolendewera ku bango kapena ku nsonga ya nthambi yopyapyala, khomo litaloza pansi. Pansi pa mtengo womwewo pamakhala mbwee zisa zogwa, zina zosagonamo dzira n'limodzi lomwe. Sizigwa ndi mphepo zokha ayi. Zambiri amazigwetsa mwini wake.

Amene anaifufuza mozama nkhaniyi ndi Nicholas Collias ndi mkazi wake Elsie, omwe m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankaonerera atchete aja okonda kumanga pafupi ndi midzi, kuno ku Africa komanso m'makola aakulu ku California. Womanga ndi wamwamuna. Amaluma m'mphepete mwa tsamba laliwisi la nsenjere kapena la kanjedza, n'kuuluka atalumabe, tsambalo n'kung'ambika ngati luzi. Luzilo amalipondereza ndi phazi pa nthambi, mlomo n'kumalowetsa, kukoka, kumanga mfundo. Choyamba amapanga nkhata. Akaima pa nkhatayo amaluka denga, kenako chipinda cha mazira kutsogolo kwake, khomo n'kutsirizira cha kumbuyo. Chisa chimodzi chimadya timaluzi pafupifupi 300, ndipo tsiku limodzi chatha.

Akamaliza amalendewera chadodolido pakhomo, mapiko phaphapha, uku akulira. Wamkazi amalowa n'kumakoka udzu ndi mlomo ngati mayi woyesa dengu pa msika. Chikamukomera amayalamo ngala zofewa za udzu ndi nthenga. Akachikana masiku angapo, udzu uja umauma n'kufiira, ndiye wamwamuna amachiphwasula yekha n'kuyambiranso pomwepo.

Apa m'pamene panachokera ganizo loti chisa ndicho chimafunsira mbeta. A Collias anaona kuti aakazi amakonda zisa zobiriwira, zongolukidwa kumene, komanso kuti atchete aang'ono amaluka zolobodoka. Koma kubiriwira kumabwera ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: udzu wauwisi ndi wolimba, komanso wamwamuna amavina kwambiri pa chisa chatsopano. Nanga wamkazi wakopeka ndi chiti?

Ku India, Suhel Quader anafufuza mtundu wina wa atchete wotchedwa baya cha m'ma 2005, n'kupeza kuti malo a chisa ankakoka aakazi kuposa kukongola kwa kalukidwe. Ine izi sizindidabwitsa. Chisa chosalala chili pa nthambi imene njoka ingafikepo n'chaphindu lanji? Za luso lenilenilo, kafukufuku wa mu 2011 ku Botswana anasonyeza kuti aamuna saluka mofanana: ena amayambira kumanzere, ena kumanja, ndipo akamanga zisa zingapo udzu wogwa pansi poluka umachepa.