"Ndikaonera komweko" amathetsa ndalama za ulendo pachabe

Ntchito yanga ndi yothandiza amalonda ndi makopaletivu kupeza ogula kunja, ndipo pali yankho limodzi limene landitopetsa. Munthu wagula tikiti ya ndege, viza yatuluka, makadi a bizinesi wasindikiza. Ndikamufunsa kuti akukakumana ndi ndani, amati: "Ndikaonera komweko." Komweko kuli anthu masauzande. Taganizani za misonkhano ya malonda ya Intra-African Trade Fair, imene banki ya Afreximbank ndi anzake anachititsa ku Cairo mu 2018, ku Durban mu 2021, ku Cairo kachiwiri mu 2023 ndi ku Algiers mu 2025. Imatha sabata yathunthu, koma ngakhale sabatayo simungazungulire aliyense. Anthu amene mumakumana nawo mwangozi pamzere wa tiyi nthawi zambiri ndi anzanu ogulitsa. Ogula enieni ali m'zipinda, akulankhula ndi amene anapangana nawo kalekale.

Mankhwala ake ndi kuwerenga mndandanda wa obwera musananyamuke, koma mndandandawo si umodzi. Pali wa olankhula, wa makampani oonetsa katundu ndi wa othandiza msonkhano ndi ndalama, ndipo itatuyi imakhala poyera patsamba la msonkhano. Wachinayi ndi wa olembetsa, umene kawirikawiri umabisika m'pulogalamu ya pafoni, monga Brella, Swapcard kapena Whova, yomwe imatsekulidwa kwa amene alipira kale. Wachinayiwu ndiwo wofunika, chifukwa m'menemo ndi momwe mumapempha nthawi yokumana. Nthawizo ndi zazifupi, mphindi 15 kapena 20, ndipo wogula wamkulu amakhala nazo zowerengeka. Mukachedwa kulembetsa podikira ndalama za alawansi, mumapeza zake zadzaza.

Cholakwa chachikulu sikusawerenga mndandanda ayi, koma kuuwerenga ngati kuti mukufuna mayina otchuka. Nkhani ya mayi wina, wapampando wa kopaletivu ya alimi a mtedza m'chigawo chapakati, imandiwawabe mpaka lero. Alimi anasonkherana kuti iye apite ku msonkhano waukulu wa zaulimi kunja kwa dziko lino. Anali ndi matani pafupifupi makumi atatu a mtedza wosenda, wosankhidwa bwino. Mndandanda anauwerenga ndithu, nachongamo nduna, akuluakulu a mabungwe ndi kampani ina yotchuka ya ku Ulaya. Ndunayo anajambulitsa nayo. Mayiyu anadikira munthu wa kampani ya ku Ulaya mpaka tsiku lachiwiri madzulo, ndipo funso loyamba la munthuyo linali lakuti: "Chiphaso cha ku labotale chili kuti?"

Nkhani inathera pomwepo. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kukhala ndi poizoni wa chuku, afulatokisini, woposa magawo 4 pa biliyoni. Mayiyu analibe pepala lililonse la kuyezedwa kwa mtedza wake, ndipo kampaniyo inalemba zofuna zake patsamba lake, poti aliyense awerenge. Atabwerera tinatsegula limodzi mndandanda womwewo. Munali makampani angapo a chiponde a m'mayiko oyandikana nafe, ofikika pa lole, amene muyezo wa katundu wake unali wowakwana. Nawonso akanafunsa za chuku, koma akanawalembera milungu itatu m'mbuyo akanamva zimene amafuna, n'kukayezetsa ku Malawi Bureau of Standards asananyamuke. Anakhala nawo m'holo imodzi masiku onsewo osawadziwa. Chimene chimandiwawa ndi chakuti mayiyu si waulesi. Palibe amene anamuuza kuti dzina lililonse pamndandanda liyenera kufunsidwa mafunso.

Funso loyamba ndi udindo wa munthuyo, osati kukula kwa kampani yake. Pansi pa dzina mukaona `Procurement`, `Sourcing`, `Buyer` kapena `Supply Chain`, ameneyo amagula. Mukaona `Sales` kapena `Business Development`, wabwera kudzagulitsa ngati inu nomwe; adzakulandirani mwansangala, adzatenga khadi lanu, koma alibe mphamvu yolemba oda. Kwa ofuna ndalama zokulitsira bizinesi n'chimodzimodzi: `Investment Officer` ndi amene amaunika mapempho, pamene wa `Communications` amalemba nkhani za bungwe. Mkulu wa kampani yense amene ali pamndandanda wa olankhula musamuwerengere. Amatsika pansanja anthu makumi atamuzinga, ndipo galimoto ikumudikira panja. Fufuzani amene wabwera naye. Kawirikawiri m'pulogalamu muja mumapezeka anthu awiri kapena atatu a kampani yomweyo, ndipo wa udindo wapakati ndi amene amayankha uthenga.

Udindo umenewu muutsimikize pa LinkedIn, chifukwa anthu amasintha ntchito, ndipo mindandanda ina imakokera mayina a chaka chatha. Kenako funsani ngati kampaniyo imagula katundu wanu pa muyezo wanu. Wogula amene amafuna makontena khumi mwezi uliwonse alibe chochita ndi matani makumi atatu apachaka. Pa zimenezi ndimatumiza anthu ku Trade Map, tsamba la International Trade Centre limene ife a m'mayiko osauka timalembetsa ulere. Mukalemba `1202`, nambala ya mtedza, limakuonetsani mayiko amene amaitanitsa mtedza ndi kumene amaugula. Ngati dziko la munthu amene mwamuchonga limagulitsa mtedza wambiri kunja m'malo mougula, n'kutheka kuti munthuyo ndi mpikisano wanu.

Mukasefa chotere, pa mayina masauzande pamatsala ochepa kwambiri, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Ine ndimauza anthu kuti asapitirire khumi ndi asanu pa msonkhano wa masiku atatu, ndipo mwa amenewo asanu akhale oti akapanda kuwaona ulendo wapita m'madzi. Pa dzina lililonse lembani mzere umodzi: amagula chiyani, mukufuna kumufunsa chiyani, adzakhala pa sitandi iti kapena m'chipinda chiti. Ngati mzerewo ukukanika kulembeka, fufutani dzinalo.

Uthenga wopempha nthawi ukhale waufupi, ndipo chonde musayambe ndi mbiri ya kopaletivu yanu kuyambira chaka chimene inakhazikitsidwa. Nenani mtundu wa mtedza, kaya ndi CG7 kapena chalimbana, matani amene muli nawo, mwezi umene angatumizidwe, zotsatira za ku labotale, ndiye pemphani mphindi 15 pa tsiku lakuti. Akapanda kuyankha, kumbutsani kamodzi patatha sabata. Kawiri katatu mwayamba kuvutitsa munthu.

Tsopano za akathyali. Dzina la kampani yanu likangotuluka pa mndandanda wa oonetsa katundu, maimelo amayamba kugwa: "Tili ndi mndandanda wonse wa obwera, ndi manambala a foni ndi maimelo awo, lipirani madola akutiakuti." Musalipire ngakhale tambala. Okonza misonkhano yaikulu sagulitsa mayina kudzera mwa anthu osadziwika, ndipo ambiri amalemba chenjezo la zimenezi patsamba lawo. Chimene mumalandira, ngati mungalandire kanthu, ndi mayina akale otoleredwa pa intaneti, a anthu amene sakubwera n'komwe. Onani adiresi yotumizira: ikakhala ya Gmail, kapena dzina la msonkhano lasinthidwa chilembo chimodzi, ifufuteni.

Ena ali m'mndandanda weniweniwo. Kulipira khomo sikusandutsa munthu wogula wokhulupirika. Wina akakulemberani msonkhano usanayambe, n'kuvomera mtengo wanu osanenerera, osafunsa za chuku kapena kuuma kwa mtedza, kenako n'kupempha ndalama "yolembetsera ngati wogulitsa wathu", ameneyo sakufuna mtedza. Fufuzani kampani yake m'kaundula wa makampani wa dziko lake. Ku South Africa ndi CIPC, ku Britain ndi Companies House. Mukaipeza kuti inalembetsedwa miyezi iwiri yapitayo koma imati yakhala ikugula mbewu zaka makumi awiri, tumizani dzina lake kwa okonza msonkhano, ndipo nthawi imene munamusungira mupatse wotsatira pa mndandanda wanu.