Kuona ng'ombe ya mkaka pa chithunzi cha cham'mbali: mafunso ndi mayankho

Wogulitsa wanditumizira chithunzi cha ng'ombe pa foni. Ndingachikhulupirire?

Yambani mwaona pomwe ng'ombeyo yaima. Ikhale pamalo osalala, mutu uli m'mwamba, ziboda zonse zinayi zikuoneka, ndipo wojambula akhale patali mamita angapo moyang'anizana ndi nthiti. Akajambulira pafupi ndi mutu, chifuwa chimakula, kumbuyo nkuchepa. Ojambula ng'ombe zachionetsero amaponderetsa miyendo yakutsogolo pakamtunda kuti msana uwongoke, choncho udzu wautali wobisa ziboda muziukayikira.

Msana wabwino umaoneka bwanji?

Tsatani mzere kuchokera pamwamba pa mapewa mpaka patsinde pa mchira. Uyenera kukhala wowongoka, makamaka pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, chifukwa pamenepa ndi pomwe pamasenza mimba, mwana ali m'kati ndi kulemera kwa bere. Pakalowa m'kati, ng'ombeyo ndi yofooka, ndipo kulowako kumawonjezeka ikamabereka. Msana wotumphuka ngati uta ndi nkhani ina: kawirikawiri ng'ombe imakhala ikumva kuwawa ku ziboda, ngakhale yofuna kukodza imateronso kwa kanthawi. Apa pemphani kanema ikuyenda.

Kenako onani mafupa awiri, la m'chiuno ndi lomwe lili m'mbali mwa tsinde la mchira. Pa muyezo womwe mabungwe a ng'ombe za Holstein amagwiritsa ntchito, wa mapointi 1 mpaka 9, fupa lakumchira likatsika masentimita pafupifupi 4 poyerekeza ndi la m'chiuno ng'ombe imapeza 5, ndipo mpomwe pamafunika. Likakwera kuposa la m'chiuno, zotsalira za ubereki ndi mkodzo sizituluka bwino, ndipo ng'ombe yotere imavuta kutenga bere. Dziwani kuti muyezowu ndi wa Holstein. Ng'ombe yosakanizidwa ndi yachikuda imakhala ndi kalinunda komanso chiuno chotsetsereka kwambiri mwachibadwa, ndipo zimenezi si chilema.

Nanga bere ndiyang'ane pati?

Apa mpofunika kukhalitsa, chifukwa ng'ombe zambiri zimasiyitsidwa kukamidwa kaamba ka bere, osati msana. Cham'mbali mumaona zinthu ziwiri.

Choyamba ndi pomwe bere lalumikizana ndi mimba kutsogolo. Lolimba limalowa m'mimba pang'onopang'ono, mzere wake uli wautali, moti nkovuta kuloza pomwe bere lathera. Lofooka limadukiza, pamakhala kampata kakuya pakati pa bere ndi mimba, ndipo limalendewera ngati thumba lokolekedwa pa msomali. Lotereli limagwedezeka ng'ombe ikamayenda ndipo minyewa yoligwira imatamuka msanga.

Chachiwiri ndi kutsika kwake. Yerekezani pansi pa bere, osawerengera nsonga, ndi mfundo yamwendo wam'mbuyo, ija yoloza kumbuyo ngati chigongono. Pa muyezo uja, bere lomwe pansi pake pafika polingana ndi mfundoyi limapeza 2, ndipo masentimita atatu alionse kupita m'mwamba amawonjezera pointi imodzi. Poti pachithunzi palibe tepi, yezerani ndi nsonga yakutsogolo, yomwe pa Holstein imatalika masentimita ngati 5.

Titenge ng'ombe ziwiri. Yoyamba yabereka kamodzi, ndipo pansi pa bere lake pali pamwamba pa mfundo ndi utali wa nsonga ziwiri, masentimita 9 kapena 10. Imeneyi ili pa 5. Yachiwiri yaberekanso kamodzi, bere ndi lalikulu lokopa maso, koma lafika kale pamfundo. Ambiri amathamangira yachiwiriyi poganiza kuti kukula kwa bere ndiwo mkaka. Koma bere limatsika ndithu ng'ombe ikamabereka, ndiye ikadzafika pa mwana wachitatu nsonga zikhoza kumadzakhudza matope a m'khola, nkumapondedwa podzuka, ndipo matenda otupa bere sadzatha. Ikanakhala yobereka kasanu, bere lofika pamfundo silikanadabwitsa. Nchifukwa chake musaweruze musanafunse kuti yabereka kangati.

Akuti anaijambula isanakamidwe. Zili ndi kanthu?

Kwambiri. Bere lodzadza limakungika nkubisa kampata kakutsogolo kaja, ndipo kutupa kwa masiku oyamba itangobereka kumachitanso chimodzimodzi. Pemphani chithunzi china atangomaliza kukama. Bere labwino limaphwa nkuchita makwinya, pamene lomwe latsala lalikulu ndi la mnofu chabe.

Chithunzi chimodzichi chikwanira kuti ndipereke ndalama?

Ayi. Mzere wogawa bere pakati, kukwera ndi kutambalala kwa bere kumbuyo, ndi kutalikirana kwa nsonga zimaoneka mutaima kumbuyo kwa ng'ombe. Mbali yomwe sinajambulidwe ikhozanso kukhala ndi chigawo cha bere chomwe chinauma. Pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi chakumbuyo, ndipo zikakusangalatsani mukafikeko nthawi yokama, mukame nokha nsonga zonse zinayi.