Masamu akugwirizana, koma onani madeti

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, wosunga mabuku a ndalama pakampani, pasukulu kapena pakopaletivu amayenera kukhala pansi ndi zinthu ziwiri: buku lake lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka, lomwe ambiri amangoti kashibuku, ndi sitetimenti yochokera ku banki. Ziwirizi sizifanana kawirikawiri, ndipo si mlandu. Cheke chomwe mwalemba lero, mwini wake atha kukachipereka ku banki sabata yamawa. Ndalama zomwe mwakasiya madzulo a tsiku lomaliza la mwezi zitha kuoneka pa sitetimenti ya mwezi wotsatira. Pepala lofotokoza kusiyana kumeneku ndilo timalitcha rikonsilieshoni. Ine monga odita, wofufuza mabuku a ndalama, ndikafika, ndimalandira pepalali litakonzedwa kale, litasainidwa, nthawi zina litaikidwa m'fayilo yatsopano kuti lindisangalatse.

Ndikufotokozereni za limodzi mwa mapepala otere, la bizinesi yogula ndi kugulitsa mbewu m'chigawo chapakati, yomwe chaka chake cha ndalama chimatha pa 31 Disembala. Pepalalo linkati ku banki kuli K8,450,000. Pamenepo anawonjezera K2,300,000 ya ndalama zomwe akuti zinali zitasungitsidwa koma banki inali isanazionetse, n'kuchotsa K3,150,000 ya macheke omwe anali atalembedwa koma asanatapidwe. Zotsala zinali K7,600,000, ndendende ndi zomwe zinali m'kashibuku. Mwini bizinesi anandiuza monyadira kuti, “Achimwene, apa palibe chokuchedwetsani, onani zikugwirizana mpaka tambala.”

Anali kunena zoona. Koma amene amakonza pepalali amadziwa yankho asanayambe, ndiye kulifikitsa pa yankholo si ntchito. Chomwe sangachikonze yekha ndi sitetimenti ya miyezi yotsatira. N'chifukwa chake ndisanagwire kakyuleta ndimapempha zinthu zitatu: sitetimenti ya Januwale ndi Febuluwale, rikonsilieshoni ya Novembala, ndi kalata yochokera ku banki yotsimikiza ndalama zomwe zinalipo pa 31 Disembala. Kalatayo iyenera kubwera kwa ine mwachindunji, isadzere m'manja mwa akauntanti, chifukwa masiku ano sitetimenti yosindikiza pakompyuta munthu atha kuisintha nambala osasiya chizindikiro.

Ndinayamba ndi macheke. Anali anayi. Cha K900,000 chinalembedwa pa 22 Disembala n'kutapidwa pa 6 Januwale; ichi ndinachichonga n'kupitirira. Ziwiri zina zinali zakale: cha K650,000 cha pa 14 Malichi ndi cha K400,000 cha pa 9 Meyi. Mabanki salipira cheke chomwe chadutsa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa deti lolembedwapo, choncho ziwirizi zinali zitafa kale, zongotsala dzina pamndandanda. Cheke chotere sichiyenera kukhalanso pa rikonsilieshoni. Chimabwezedwa m'kashibuku, ndalama za ku banki zimakwera, ndipo ngongole ya munthu amene ankayenera kulipidwayo imaukanso m'mabuku. Ena amalakwitsa apa, amaiyesa phindu. Cheke chafa, inde, koma ngongole ikadalipo mpaka mutatsimikiza kuti munthuyo analandira zake mwa njira ina.

Funso lomwe ndimadzifunsa ndi la munthu wamba. Ndi wamalonda uti m'Malawi muno amene angasunge cheke cha K650,000 m'dirowa miyezi isanu ndi inayi osakatapa? Tinamuimbira mwini wake, wogulitsa matumba. Anatiuza kuti chekecho anachikana chifukwa dzina lake linalembedwa molakwika, ndipo anamulipira kudzera pa banki mu Epulo. M'kashibuku malipirowo anali atalembedwa kawiri, kamodzi ngati cheke, kenanso ngati ndalama yotumiza. Uku kunali kulakwitsa chabe, koma kunakweza mtengo wa matumba m'mabuku ndi K650,000. Cha K400,000 tinachipeza chili chikhalire m'envulopu m'kabati, cha munthu amene anasiya ntchito osabweranso.

Cheke chachinayi, cha K1,200,000, chinali ndi deti la 30 Disembala koma chinatapidwa pa 19 Febuluwale. Bukhu losainira potenga macheke linaonetsa kuti mwini wake anachitenga pa 17 Febuluwale. Kutanthauza kuti chinalembedwa, n'kulowetsedwa m'buku, n'kutsekeredwa m'kabati masabata asanu ndi awiri. Amachita zimenezi ofuna kuti pakutha pa chaka aoneke ngati ali ndi ngongole zochepa, makamaka akamafuna kukabwereka ku banki. Cheke chomwe sichinatuluke pakhomo si malipiro, ndipo ndinawauza kuti achibweze.

Komwe kunali nkhani yeniyeni kunali ku cheke chomwe pamndandanda panalibe. Nditaika rikonsilieshoni ya Novembala pambali pa ya Disembala, ndinaona kuti mu Novembala munali cheke china chakale cha K500,000, ndipo mu Disembala chinali chitasowa. Cheke chimachoka pamndandanda mwa njira ziwiri zokha: chatapidwa ndipo chikuoneka pa sitetimenti, kapena chafafanizidwa ndipo chabwezedwa m'kashibuku. Ndinafufuza konseko, osachipeza. Mukachibwezera pamndandanda, macheke osatapidwa amakhala K3,650,000, ndipo mbali ya banki imatsikira pa K7,100,000 pomwe buku likuti K7,600,000. Dzenje la K500,000 linaonekera pompo. Wina anali atalandira ndalama za makasitomala, n'kuzilemba m'buku, koma osakazisiya ku banki, kenaka anavundikira dzenjelo pochotsa cheke chomwe ankadziwa kuti mwini wake sadzabweranso. Ichi n'chifukwa chake macheke akufa sindiwaona ngati zinyalala zongosesa. Akakhalitsa pamndandanda amasanduka chivundikiro chodikira mphika.

Kenaka ndinatembenukira ku K2,300,000 ija yomwe akuti inali m'njira. Inali magawo awiri. K800,000 inalembedwa pa 31 Disembala ndipo inaoneka pa sitetimenti tchuthi cha chaka chatsopano chitangotha, monga momwe ziyenera kukhalira. K1,500,000 inalembedwa m'buku pa 18 Disembala. Ndinapempha silipi yosungitsira ndalama, ndipo sindinayang'ane deti lolemba pamanja koma chidindo cha telala: 13 Januwale. Banki ili pamtunda woyenda pansi mphindi khumi. Ndalama inayenda bwanji masiku 26?

Kashiya, bambo wachikulire waulemu wake, anayamba wanena za mizere italiitali ya nyengo ya Khirisimasi. Nditamuonetsa marisiti anakhala chete, akupukuta magalasi ndi nsonga ya taye. Ndalama za pa 18 Disembala anali atazibwereka, akuti zogulira feteleza, ndipo zomwe anakasiya pa 13 Januwale zinali za makasitomala ena omwe analipira m'Januwale momwemo. Omwewo nawo akanadikira ndalama za Febuluwale kuti ziwatseke. Kaberedwe aka kamadziwika ndi mtunda wa pakati pa deti la risiti ndi deti la chidindo: umayamba ndi masiku awiri, kenaka asanu, kenaka masabata. Chizindikiro china n'chakuti munthu wake safuna kupita kutchuthi, chifukwa akangochoka sabata imodzi unyolo umaduka.

Pali chinthu chimodzi chomwe rikonsilieshoni singakuonetseni ngakhale mutaiyang'ana tsiku lonse. Imangoyerekeza ndalama zotsala kumapeto, sinena zomwe zinadutsa pakati. Ndiye ndimatenga sitetimenti, osati buku, n'kuyenda nayo mzere ndi mzere kufufuza chilichonse m'kashibuku. Mbali yoyambira ndi yofunika: mukayambira m'buku mudzangopeza zomwe wina anafuna kuti zilembedwe. Pa 11 Disembala panalowa K720,000 yomwe m'buku munalibe. Pa 15 Disembala panatuluka K720,000, nayonso m'buku munalibe. Kulowa ndi kutuluka zinafafanizana, masamu osagwedezeka. Zinapezeka kuti anagulitsa madeya ndi matumba akale, zinthu zomwe zinalibe invoisi, ndipo wogula analipira mu akaunti ya kampani. Woitulutsa anali mwini bizinesi yemwe, atasaina yekha. Sikunali kuba m'maso mwake, koma malondawo sanalowe m'mabuku, ndipo a msonkho akadzaona sitetimenti sadzafunsa za maso a munthu.

Si ndalama zonse zosalembedwa zomwe zili ndi chinyengo. Zambiri ndi za makasitomala omwe amatumiza pafoni osalemba dzina, akauntanti n'kusowa woti amulembere. Choipa n'kuzisiya miyezi, chifukwa kasitomala amene analipira amaonekabe ngati wangongole, ndipo ndalama yopanda mwini imakopa dzanja.

Za kuchedwa kulemba, m'buku la pamanja mumaona inki imodzi ndi dzanja lothamanga kuyambira pa 1 mpaka pa 31. Pakompyuta n'kosavuta kwambiri, chifukwa mapulogalamu ambiri amasunga madeti awiri, la chikalata ndi la tsiku lomwe munthu anachilowetsa. Pabizinesi iyi, zonse za Okutobala mpaka Disembala zinalowetsedwa masiku atatu a m'Januwale, titangolemba kalata yoti tikubwera. Marikonsilieshoni a miyezi imeneyo anakonzedwanso nthawi yomweyo, ndipo siginecha ya woyang'anira inalibe deti. Kwa miyezi itatu panalibe amene ankayerekeza buku ndi banki. Boma lathu lomwe linadutsamo muno: pambuyo pa nkhani ya Cashgate ya 2013, kafukufuku yemwe anatuluka mu 2015 anapeza kusiyana kwa K577 biliyoni pakati pa masitetimenti a ku banki ndi kashibuku ya boma pa zaka za 2009 mpaka 2014. Sikuti yonseyo inabedwa. Inali ndalama yomwe mabuku sankatha kuifotokoza.

Titakhala pansi ndi mwini bizinesi, ndinamuonetsa nambala zatsopano. Macheke awiri akufa ndi chotsekeredwa chija akabwezedwa, ndipo ndalama zomwe pa 31 Disembala zinali m'thumba la kashiya zikachotsedwa pa ndalama za ku banki, K7,600,000 yake sinalinso yoti n'kuilemba m'malipoti. Ndinamupempha kuti wolandira ndalama asakhalenso wolemba buku ndi wokonza rikonsilieshoni, kuti ndalama zizipita ku banki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ndiponso kuti iye mwini azitsegula sitetimenti pafoni yake asanasaine chilichonse. Anavomera zonse. Ya K720,000 yokha ndiyo tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, iye akuti madeya si malonda, ine ndikumufunsa kuti nanga wogula uja analipira chiyani.