Malungo ndi HIV pa mayeso: funsani kaye ngati matenda alowa kale

Ophunzira unamwino ndi ulangizi wa zaumoyo ambiri amaloweza bwino magawo atatu a kapewedwe ka matenda, pulayimale, sekondale ndi teshale, koma amasokonezeka funso likabwera ngati nkhani ya wodwala. Chimawasokoneza ndi kuyang'ana mankhwala kapena chipangizo chimene chatchulidwa, mmalo moyang'ana munthuyo. Musanasankhe yankho, dzifunseni kuti: tikunena za ndani, za matenda ati, ndipo matendawo afika pati m'thupi mwake?

Ngati sanalowe, chilichonse chowatsekereza ndi pulayimale. Ngati alowa kale ndipo tikuwafufuza kapena kuwachiza msanga asanakule, ndi sekondale. Ngati akhazikika kapena awononga kale china, ndipo tikuchepetsa kulumala ndi mavuto obwera pambuyo, ndi teshale.

Titenge mwana mmodzi wa zaka zitatu. Mayi ake amamugoneka mu neti usiku uliwonse, ndipo analandira katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'maboma ena a Malawi mu 2019. Zonsezi ndi pulayimale, monganso kupopera mankhwala ophera udzudzu m'makoma a nyumba. Tsiku lina mwanayo watentha thupi. Mlangizi wa zaumoyo wamubaya pachala, wapeza malungo, ndipo wamupatsa LA woti amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Apa ambiri amalemba teshale poganiza kuti mankhwala alionse ochiza ndi a gawo lomaliza. Ayi. Kupeza matenda msanga ndi kuwachiza msanga ndi sekondale, chifukwa cholinga n'choti malungowo asafike ku ubongo kapena kumutha magazi.

Tsono tinene kuti anachedwa naye. Wakomoka, wagonekedwa, wabayidwa jakisoni wa atesuneti, wachira, koma watuluka ali ndi khunyu ndipo mwendo umodzi sukugwira bwino. Mankhwala a khunyu ndi mafizo omuphunzitsanso kuyenda ndiwo teshale. Tizilombo ta malungo tatha kale m'magazi. Tikulimbana ndi zimene tizilomboto tasiya.

Msampha wina uli kusikelo. Mayi woyembekezera amapatsidwa Fansida, mapiritsi atatu nthawi imodzi, kuyambira pamene mimba yakwana masabata 13, motalikirana mwezi umodzi, kosachepera katatu asanabereke. Sakudwala, sanayezedwe n'kupezeka ndi malungo. Pa mayeso yankho ndi pulayimale, ngakhale akumwa mankhwala.

Pa HIV msampha womwewu umagwira anthu ambiri. Makondomu, mdulidwe wa abambo wa kuchipatala ndi PrEP, mankhwala omwa munthu asanakhudzane ndi kachilombo, n'zosavuta: munthuyo alibe kachilombo, choncho ndi pulayimale. Koma nanga namwino amene wadzibaya ndi singano yomwe yagwiritsidwa ntchito pa wodwala yemwe ali ndi HIV, n'kuyamba PEP, ma ARV omwa munthu akakhudzana ndi kachilombo, pasanathe maola 72 kuti amwe kwa masiku 28? Ophunzira amaona ma ARV, amaonanso kuti ngozi yachitika kale, n'kuthamangira ku sekondale. Koma kukhudzana ndi kachilombo si kukhala nako. PEP amamwedwa kuti kachilomboko kasakhazikike n'komwe, choncho ndi pulayimale. Kuyezetsa magazi munthu ali bwinobwino n'kuyamba ma ARV atangopezeka nako, ndiye sekondale.

Funso limene ndimaliona kuti ndi labwino kuposa onse ndi la mayi woyembekezera amene wapezeka ndi HIV kusikelo. Malawi inayamba mu 2011 kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi otere posayang'ana kuchuluka kwa chitetezo cha m'thupi mwawo. Piritsi ndi limodzi, koma mayankho ndi awiri. Kwa mayiyo, kuyezedwa ndi kuyamba mankhwala msanga ndi sekondale. Kwa mwana amene ali m'mimba ndi pulayimale, chifukwa iye sanatenge kachilombo. Nevirapini amene khandalo limamwa likabadwa nayenso ndi pulayimale, koma kuyeza magazi ake pa masabata 6 ndi sekondale. Werengani mawu omaliza a funsolo: akufunsa za mayi kapena za mwana?

Bakitirimu amavutako pang'ono, ndipo pano mabuku sagwirizana kwenikweni. Munthu amene ali ndi HIV amamumwa tsiku lililonse kuti asadwale chibayo china, kutsegula m'mimba ndi malungo. Funso likamanena za HIV, ine ndimati teshale, pakuti tikupewa mavuto obwera chifukwa cha matenda amene akhazikika kale. Likatchula chibayocho kuti ndiye matenda amene tikupewa, yankho limasanduka pulayimale, popeza chibayocho sichinamugwire. Lembani mzere kunsi kwa dzina la matenda limene wofunsa watchula, kenaka musankhe.