Zilembo zoyera pamalo akuda: tembenuzani chithunzi musanadzudzule pulogalamu

Dandaulo ili ndatopa nalo. Munthu wajambula sikirini yakuda yokhala ndi zilembo zoyera, kapena chikwangwani cha buluu cholembedwa ndi utoto woyera, waika chithunzicho mu pulogalamu yowerenga zolemba ya OCR, ndipo chatuluka ndi timizere ndi timadontho topanda tanthauzo, mwinanso tsamba lopanda kanthu. Pamenepo akuti pulogalamu ndi yachabechabe, ayamba kusaka ina. Nthawi zambiri pulogalamuyo ilibe vuto lililonse. Mwaipatsa chithunzi chosemphana ndi chomwe inakonzedwera kuwerenga.

Kwa kompyuta, chithunzi chotuwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala yoyambira pa 0, komwe ndi kuda bii, mpaka 255, komwe ndi kuyera mbee. Mapulogalamu ambiri asanawerenge chilichonse amagawa timadonthoti m'magulu awiri, inki ndi pepala. Njira yotchuka yopezera malire a magulu awiriwa ndi ya Nobuyuki Otsu ya mu 1979, yomwe Tesseract, pulogalamu yaulere ya OCR, imagwiritsa ntchito mukapanda kuisankhira ina. Njirayi imadziwa kulekanitsa zakuda ndi zowala basi. Kuti gulu liti ndi zilembo, pulogalamu imachita kulingalira, ndipo popeza mabuku ndi makalata pafupifupi onse amalembedwa ndi inki yakuda papepala loyera, imapendekera kumbali yoti chakudacho ndiye cholembedwa.

Tsono taonani zomwe zimachitika zinthu zikasemphana. Malo onse akuda aja, omwe ndi olumikizana kuyambira m'mphepete mpaka m'mphepete, amaoneka ngati chibanga chimodzi chachikulu cha inki. Zilembo zenizeni zimangokhala mabowo m'chibangacho. Zotsala zomwe zimaoneka ngati tizilembo payekhapayekha ndi timalo takuda ta m'mimba mwa o, a, e, d ndi b. Ndiye chifukwa chake zotuluka zimadzaza ndi madontho, mipatuliro ndi timizere: pulogalamu ikuwerenga zam'mimba mwa zilembo. Kwina imaganiza kuti chibanga chonsecho ndi chithunzi cha chinthu, n'kuchidumpha osanena kanthu.

Ena amanditsutsa kuti mapulogalamu atsopano ndi anzeru. Zoona, ambiri a m'mafoni amawerenga zoyera pazakuda bwinobwino, chifukwa anaphunzitsidwa ndi zithunzi za zikwangwani ndi masikirini. Koma kukhala watsopano si chitsimikizo. Malangizo a Tesseract eni ake amanena kuti mtundu wa 3.05 ndi yam'mbuyo inkathana nazo zithunzi zotere, pomwe mtundu wa 4, womwe unatuluka mu 2018 ndi njira yatsopano yozindikirira zilembo yotchedwa LSTM, umafuna zilembo zakuda pamalo owala. Mu Tesseract muli chosankha chotchedwa `tessedit_do_invert` chomwe chimayesanso mzere utautembenuza ngati kuwerenga koyamba kwakayikitsa, koma chimathandiza pamzere womwe wapezeka kale. Mzere womwe unatayidwa poyamba, pamene pulogalamu inkagawa tsamba, palibe woubweza.

Kutembenuza mitundu ndi samu yophweka: nambala ya kadontho kalikonse imachotsedwa pa 255. Tinene kuti malo akuda ali pa 30 ndipo zilembo zili pa 220. Mukatembenuza, malowo afika pa 225, zilembo pa 35. Maonekedwe a zilembo sasintha, palibe chomwe chatayika, ndipo chithunzi chafanana ndi tsamba la buku. Mapulogalamu ambiri okonzera zithunzi ali ndi batani la `Invert` kapena `Negative`. Amene muli ndi ImageMagick, pulogalamu yokonzera zithunzi polemba malamulo, lembani izi:

```
magick loyamba.png -alpha off -colorspace Gray -negate latsopano.png
tesseract latsopano.png zotuluka
```

Musachotse `-alpha off`. Mafayilo ena a PNG amakhala ndi gawo losunga kuonekera kwa mkati, ndipo likatembenuzidwa limodzi ndi mitundu chithunzi chonse chimatha kuzimiririka.

Nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya mayi wina wosunga mabuku a ndalama. Ankasandutsa malipoti osikana kukhala matebulo a pakompyuta. Tsamba lililonse linali loyera ndi zilembo zakuda, kupatula mizere iwiri: wapamwamba wokhala ndi mayina a zigawo za tebulo, ndi wapansi wokhala ndi chiwonkhetso. Iwiriyi inali ndi zilembo zoyera pa buluu wakuda. Pulogalamu inawerenga manambala onse apakati molondola kwambiri moti palibe amene anakayikira kanthu. Mizere iwiri ija inangosowa. Popanda mayina a zigawo, ndalama zolowa ndi zotuluka zinasokonekera pamasamba ena, ndipo popanda chiwonkhetso panalibe choyerekezera nacho. Vuto linadziwika patapita miyezi, mapepala ena oyambirira atatayidwa kale.

Atamva za kutembenuza, mayiyo anatembenuza masamba athunthu. Mizere iwiri ija inatuluka bwino, koma manambala apakati, omwe tsopano anali oyera pamalo akuda, ndi amene anayamba kusokonezeka. Tsamba losakanikirana silitembenuzidwa lonse. Dulani gawo lakudalo, mulitembenuze palokha, n'kulibwezera pamalo pake kapena kuliwerengetsa padera. Ngati masamba ndi ambiri ndipo mizere yakuda sikhala pamalo amodzi, werengetsani tsamba lililonse kawiri, momwe lilili komanso litatembenuzidwa, kenako muphatikize. Mukadula, siyani kamalo koyera kuzungulira zilembo, chifukwa zilembo zogunda m'mphepete zimawerengedwa molakwika.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona mukachidziwa. Chithunzi chosaoneka bwino chimalakwitsa chilembo apa ndi apo, 1 m'malo mwa l, 0 m'malo mwa O. Vuto la mitundu limadya mzere wonse kapena bokosi lonse pomwe zoyandikana nazo zili bwino. Choncho werengani mizere ya pachithunzi ndi ya m'zotuluka, muone ngati ikufanana, ndipo yambani ndi mitu, mabatani ndi mabokosi a utoto. Chitani zimenezi tsiku lomwelo, pepala likadali m'manja.

Kutembenuza kuli ndi malire ake, ndipo pano ndi pamene ogulitsa timapulogalamu tolonjeza kukonza chithunzi chilichonse amapezera anthu. Ngati malo ali pa 90 ndipo zilembo zili pa 120, mukatembenuza mupeza 165 ndi 135. Kusiyana kudakali 30 komweko. Zilembo zofiira pa buluu zimagwera m'gulu limeneli, chifukwa mitundu iwiriyi ikasandulika yotuwa imayandikana kwambiri. Pamenepo pamafunika kutenga gawo la mtundu wofiira lokha, kapena kuwonjezera kusiyana kwa kuwala musanatembenuze. Mukajambula sikirini ndi kamera ya foni m'chipinda chamdima, zilembo zoyera zimasefukira kuwala, e amatsekeka n'kukhala ngati o, ndipo kutembenuza kumangokupatsani chilembo chonenepa chakuda chotsekeka chomwecho. Tengani chithunzi cha sikirini kuchokera m'chipangizo momwemo, muchisunge ngati PNG osati JPEG, chifukwa JPEG imasiya utsi m'mphepete mwa zilembo. Ngati pulogalamu yomwe mukuijambula ili ndi `Light mode`, maonekedwe a zilembo zakuda pamalo owala, isintheni kaye musanajambule, ntchito yonse yotembenuza simuifunanso. Pepala lisikanidwe pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, popeza tizilembo tochepera timadontho 10 m'litali sitiwerengeka bwino kaya ndi takuda kapena toyera.

Ndipo chonde, makalata a banki, a chipatala kapena ziphaso musazitumize kumalo osadziwika a pa intaneti chifukwa chongofuna kutembenuza mitundu. Imeneyi ndi ntchito ya batani limodzi pakompyuta yanu yomwe, ndipo fayilo ikachoka m'manja mwanu simungadziwe amene waisunga.