Lingaliro la Church ndi Turing: chifukwa chake silingatsimikizidwe ndi masamu, ndi umboni umene ulipo

Mu 1936 katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, anafotokoza makina ongoganizira amene ali ndi tepi yaitali yogawidwa m'timabokosi, kamutu kowerenga ndi kulemba m'kabokosi kamodzi pa nthawi imodzi, ndiponso malamulo owerengeka owauza chochita. Kuchokera pa ntchito imeneyo, pamodzi ndi ya Alonzo Church wa ku Princeton ku America, panabadwa lingaliro lakuti ntchito iliyonse yowerengera imene ingachitike potsata aligorizimu, kapena kuti ndondomeko ya malangizo otsatidwa limodzi ndi limodzi, ingachitikenso ndi makina a tepi amenewa. Akatswiri pafupifupi onse amalivomereza, koma palibe amene analitsimikizira mwa masamu, ndipo zimenezi sizili choncho chifukwa chakuti anthu sanayesetse mokwanira.

Tiyambe ndi makinawo, kuti tidziwe chimene tikukambirana. Tiwapatse ntchito yowonjezera 1 pa nambala yolembedwa ndi 0 ndi 1 okha, monga mmene makompyuta amasungira manambala. Makinawo ali ndi mikhalidwe iwiri, A ndi B, ndipo akuyamba ali mu A, kamutu kali pa chizindikiro choyamba cha kumanzere. Mzere uliwonse m'munsimu ukusonyeza mkhalidwe, chimene awerenga, chimene alemba, mbali yosunthira, ndi mkhalidwe wotsatira, ndipo _ akuimira kabokosi kopanda kanthu.

```
A 0 -> 0 kumanja   A
A 1 -> 1 kumanja   A
A _ -> _ kumanzere B
B 1 -> 0 kumanzere B
B 0 -> 1 imani
B _ -> 1 imani
```

Pa tepi palembedwe 1011, imene ndi 11 m'kalembedwe kathu ka masiku onse. Ali mu A, makinawo akudutsa zizindikiro zonse zinayi osasintha kanthu mpaka atafika pa kabokosi kopanda kanthu, kenako akubwerera kabokosi kamodzi ndi kulowa mu B. Akupeza 1 n'kulemba 0, tepi n'kukhala 1010. Akusunthira kumanzere, akupezanso 1 n'kulemba 0, tepi n'kukhala 1000. Akusunthanso, akupeza 0 n'kulemba 1, ndipo akuima tepi ili 1100, imene ndi 12. Mkhalidwe B ukugwira ntchito ya nambala imene mwana wa sukulu amasunga m'mutu pophatikiza, podikira kuti aiwonjezere pa mzere wotsatira. Lingaliro la Church ndi Turing likunena kuti kuchulukitsa, kugawa, kusanja mayina, ndi aligorizimu ina iliyonse imene munthu angaitulukire m'tsogolo, zonse zingasandutsidwe malamulo a mtundu womwewu, kungoti adzakhala ambiri.

Kuti mfundo itsimikizidwe mwa masamu, chilichonse chotchulidwa m'mfundoyo chiyenera kukhala ndi tanthauzo lokhazikika, lopanda mpata woti anthu awiri alimve mosiyana. Makina a Turing ali nalo tanthauzo lotero, pakuti munthu akapatsidwa malamulo ngati ali pamwambawa angathe kuweruza popanda mkangano ngati ndi makina a Turing kapena ayi. Aligorizimu ilibe tanthauzo lotero. Timaimvetsa kuti ndi ndondomeko ya malangizo owerengeka, imene munthu angaitsate ndi pensulo ndi pepala popanda kugwiritsa ntchito nzeru zakezake kapena kulosera, koma mawu akuti "popanda nzeru zakezake" si mawu a masamu, ndipo palibe lamulo la masamu limene lingagwire ntchito pa iwo. Wina angati, bwanji osangolemba tanthauzo lokhazikika la aligorizimu kenako n'kutsimikiza kuti likufanana ndi makina a Turing? Zimenezo n'zotheka, ndipo zachitika kambirimbiri, koma chimene chimatsimikizika pamenepo n'chakuti matanthauzo awiri a masamu ndi ofanana. Funso loyamba lija limangosamukira pa tanthauzo latsopanolo: kodi ilo lakwirira zonse zimene timatcha aligorizimu? Yuri Gurevich ndi Nachum Dershowitz mu 2008 analemba mfundo zochepa zimene ankaona kuti aligorizimu iliyonse imatsata, ndipo kuchokera pa mfundozo anatsimikiza lingaliro la Church. Ntchito imeneyo ndi yamtengo wapatali chifukwa imachepetsa zimene tiyenera kuvomereza popanda chitsimikizo, koma sizichotseratu, popeza mfundo zoyambirazo munthu amazivomereza poziona kuti n'zomveka.

Ngakhale lingaliroli silingatsimikizidwe, lingathe kugwetsedwa, ndipo apa m'pamene umboni wake umapezera mphamvu. Pangofunika munthu mmodzi wobweretsa ndondomeko imene aliyense akuvomereza kuti ndi aligorizimu, n'kusonyeza kuti palibe makina a Turing amene angatulutse mayankho ake.

Kugwa kotere kunachitikapo pa gulu lina la mawerengero limene linkaoneka lalikulu kwambiri. M'zaka za m'ma 1920 akatswiri ankagwiritsa ntchito mawerengero omangidwa ndi kubwereza kumene kuchuluka kwake kumadziwika kubwerezako kusanayambe, monga mmene kuchulukitsa 7 ndi 5 kulili kuphatikiza 7 kasanu. Gulu limeneli likukwirira kuphatikiza, kuchulukitsa, kufufuza ngati nambala ingagawike ndi ina, ndi pafupifupi chilichonse chimene munthu amakumana nacho m'masamu a manambala. Koma mu 1928 Wilhelm Ackermann anafalitsa chiwerengero, kapena kuti njira yowerengera, chimene malamulo ake ndi mizere yochepa, chimene aliyense angachitsate ndi pensulo, koma chimene mayankho ake amakula mofulumira kuposa chilichonse cha m'gulu lija. Mu mtundu wake wofala wa manambala awiri, yankho la A(4, 2) ndi nambala ya madijiti 19,729. Aliyense amene akanati gulu lija ndilo aligorizimu zonse akanakhala atalakwa, ndipo chitsanzo chimodzi chinali chokwanira kusonyeza zimenezo.

Pali njira ina yogwetsera magulu otere, imene ineyo ndimaiona kuti ndi yofunika kuimvetsa kuposa umboni wina wonse. Tiyerekeze kuti tandandalika mawerengero onse a m'gulu lina motsatana, f1, f2, f3 mpaka mtsogolo, ndipo chilichonse chimatenga nambala n'kubweza yankho. Tsopano tipange chiwerengero chatsopano, g, ndi lamulo lakuti g(n) = fn(n) + 1. Ngati f1(1) ndi 4, f2(2) ndi 0, ndipo f3(3) ndi 17, ndiye kuti g(1) ndi 5, g(2) ndi 1, ndipo g(3) ndi 18. Chiwerengero g sichingakhale f1 chifukwa zikusiyana pa 1, sichingakhale f2 chifukwa zikusiyana pa 2, ndipo n'chimodzimodzi mpaka mndandanda wonse. Komatu g ndi aligorizimu yoonekeratu: pezani chiwerengero cha nambala n pa mndandanda, chiwerengereni pa n, onjezerani 1. Motero gulu lililonse limene mawerengero ake tingawandandalike mwa ndondomeko, ndipo onse amafika pa yankho, silingakhale aligorizimu zonse.

Makina a Turing nawonso angandandalikidwe, popeza makina alionse ndi malamulo owerengeka basi. Komabe njirayi siwagwetsa, pa chifukwa chakuti makina ena saima. Tikanachotsa mzere wachitatu pa malamulo athu aja n'kulemba kuti A akapeza kabokosi kopanda kanthu apitirire kumanja, makinawo akanayenda mpaka kalekale osapereka yankho. Ngati makina a nambala n saima akapatsidwa n, ndiye kuti fn(n) palibe, ndipo palibenso choti tiwonjezerepo 1. Kuti njirayi igwire, tiyenera kuyamba tachotsa pa mndandanda makina onse amene nthawi zina saima, koma zinatsimikizidwa kuti palibe makina a Turing amene angasankhule makina oima ndi osaima, ndipo palibe munthu amene anapezapo ndondomeko ina yochitira zimenezo. Stephen Kleene, wophunzira wa Church, anafotokoza pambuyo pake kuti Church atapereka lingaliro lake iye anayesa kuligwetsa ndi njira yomweyi, ndipo atazindikira kuti siingayende mwa ndondomeko anasanduka wolivomereza. Tisapitirire malire apa: kulephera kwa njira imodzi sikutsimikiza kuti njira ina kulibe. Chimene kukusonyeza n'chakuti chida chimene chimagwetsa magulu ang'onoang'ono chikulephera pa gulu ili, ndipo chifukwa chake chikudziwika bwino.

Umboni wotchuka kwambiri ndi wakuti anthu amene anayambira kosiyana anafika pa gulu limodzi. Church anagwiritsa ntchito masamu a lambda, amene ndi malamulo olowetsa zizindikiro m'malo mwa zina ndipo mulibe makina alionse. Kurt Gödel mu 1934, potsata maganizo a Jacques Herbrand, anafotokoza mawerengero pogwiritsa ntchito maikwezhoni. Emil Post mu 1936, asanaone ntchito ya Turing, anafotokoza munthu woika ndi kufufuta zizindikiro m'mabokosi. Pambuyo pake kunabwera malamulo osinthira zilembo a Andrei Markov ku Soviet Union, ndiponso makina osunga manambala m'marejisitala amene John Shepherdson ndi Howard Sturgis anafotokoza mu 1963. Njira zonsezi zinatsimikizidwa kuti zimawerengera zinthu zofanana ndendende, ndipo kufanana kumeneku ndi masamu enieni, chifukwa mbali zonse zili ndi tanthauzo lokhazikika. Umboni umenewu ndi wolemera, koma uli ndi pofooka, pakuti anthu ambiri angathe kuphonya chinthu chimodzi onse pamodzi, makamaka pamene ena mwa iwo ankagwirira ntchito pa yunivesite imodzi ndi kuwerengerana zolemba.

N'chifukwa chake mfundo za Turing mwiniwake zili ndi malo akeake. Iye sanayambire pa mndandanda wa mawerengero odziwika, koma anayang'ana zimene munthu amachita akamawerengera pa pepala. Munthuyo amagwiritsa ntchito zizindikiro zowerengeka, chifukwa zikanakhala zopanda malire zina zikanafanana kwambiri mpaka diso kulephera kuzisiyanitsa. Amaona zizindikiro zochepa pa nthawi imodzi, ndipo aliyense angadziyese yekha poona ngati angasiyanitse 9999999999999999 ndi 999999999999999 mongoyang'ana kamodzi, osawerenga chimodzichimodzi. Zimene amasunga m'mutu zili ndi malire, ndipo chimene amachita kenako chimadalira zimene akuona ndi zimene wasungazo. Turing anasonyeza kuti wogwira ntchito aliyense womangidwa ndi malire amenewa angatsanziridwe ndi makina a tepi. Gödel, amene sanakhutire pamene Church anamufotokozera lingaliro lake mu 1934, anavomereza ataona kusanthula kumeneku. Koma malire amenewa ndi zimene timaona pa anthu ndi pa mapepala, ndipo zinthu zotere zimavomerezedwa poziona, osati pozitsimikizira ndi masamu.

Lingaliroli silinenapo kanthu pa liwiro. Makina a tepi amataya nthawi yambiri akuyenda uku ndi uku, ndipo kompyuta ya kwantamu, imene imagwiritsa ntchito malamulo a fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri ndipo ingathe kufulumira kwambiri pa ntchito zina, siiwerengera chilichonse chimene makina a Turing sangawerengere akapatsidwa nthawi yokwanira. Silinenanso kuti chinthu chilichonse cha m'chilengedwe, kapena ubongo wonse wa munthu, chingatsanziridwe ndi makina a tepi. Limenelo ndi funso lina, la fizikisi, limene Robin Gandy analisanthula mu 1980 poika malire ena pa makina, monga lakuti tizigawo take sitingachepe mopanda malire ndiponso uthenga sungayende pa liwiro lopanda malire. Chimene chimadalira lingaliro la Church ndi Turing mwachindunji ndi mawu akuti vuto lakutilakuti lilibe aligorizimu. Pamene Yuri Matiyasevich mu 1970 anamaliza ntchito ya Martin Davis, Hilary Putnam ndi Julia Robinson pa vuto lachikhumi la David Hilbert, chimene chinatsimikizidwa n'chakuti palibe makina a Turing amene angaweruze ngati ikwezhoni iliyonse yopangidwa pophatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa manambala athunthu ndi manambala osadziwika ili ndi yankho la manambala athunthu. Kunena kuti palibe aligorizimu ina iliyonse yochitira zimenezo ndi sitepe yowonjezera, ndipo sitepe imeneyo yatsamira pa umboni umene wafotokozedwa pamwambapa.