Pansi pa bafa sipafunika kukhala pa levulo

"Mmisiri wodziwa ntchito amayala matailosi pa levulo paliponse, ngakhale m'bafa." Ambiri akhala akukhulupirira zimenezi, koma m'bafa n'kulakwitsa. Madzi sapita okha ku chibowo chotulukira ngati pansi sipanapendekeke. Amangodikha, n'kumalowerera m'mizere ya pakati pa matailosi, chifukwa simenti yotsekera mizereyo imamwa madzi. Mizere ija imada ndi nkhungu, pansi pamaterera ndi sopo, kenako khoma limayamba chinyezi m'munsi ndipo penti imasupuka.

Posambira penipeni, pansi pazitsika masentimita 1.5 mpaka 2 pa mita iliyonse kulowera ku chibowo. Kwina konse m'bafamo sentimita imodzi pa mita ndi yokwanira. Tinene kuti chibowo chili pa mtunda wa mamita 1.2 kuchokera kukhoma: mukatenga masentimita 2 pa mita, m'mphepete mwa khomalo mukhale mokwera masentimita 2.4 kuposa pakamwa pa chibowo. Mukapitirira kwambiri pamenepa, wosamba amaima movutika ndipo savuta kuterereka.

Kutsetsereka kumeneku kumapangidwa pa simenti ndi mchenga woyala pansi, matailosi asanaikidwe. Ena amafuna kukonza ndi guluu wa matailosi, kuunjika apa n'kuchepetsa apo, koma zikatero pamatsala mphako kunsi, ndipo tailosi imalira ngati ng'oma mukaigogoda, mapeto ake imasweka. Matailosi akuluakulu sapindika, choncho pozungulira chibowo chapakati ikani ang'onoang'ono, kapena dulani akuluwo mopingasa kuchokera m'makona. Simenti ikauma, thirani ndowa ya madzi musanayale matailosi. Pomwe pakudikha madzi, konzani nthawi yomweyo.